Nkhope zimene sizinkaphethira

Munthu wamoyo amaphethira ka 15 kapena ka 20 pa mphindi iliyonse, ndipo sadziwa n'komwe kuti akutero. Mu Juni 2018, Siwei Lyu ndi anzake awiri a pa yunivesite ya ku Albany, ku America, analengeza kuti nkhope za m'mavidiyo achinyengo, aja amene kompyuta imatenga nkhope ya munthu wina n'kuiika pa thupi la mnzake, sizinkaphethira ngati anthu. Zinkangoti maso tong'o. Chifukwa chake sichinali chovuta kumvetsa. Pulogalamu yopanga mavidiyowo inkaphunzira nkhope ya munthu pa zithunzi zambirimbiri zotengedwa pa intaneti, ndipo palibe amene amaika pa intaneti chithunzi chimene wajambulidwa atatsinzina. Choncho pulogalamuyo inali isanaonepo zikope zotseka, ndiye ikanazijambula bwanji? Lyu ndi anzake anapanga chofufuzira chimene chinkayang'ana diso pa chithunzi chilichonse cha m'vidiyo n'kuwerenga kuti latseka kangati. Pa mavidiyo amene anayesera, chinkagwira achinyengo oposa 95 pa 100 alionse.

Patangopita milungu yowerengeka, anayamba kulandira mauthenga ochokera kwa anthu osadzitchula dzina, owalozera mavidiyo atsopano. Nkhope za mmenemo zinkaphethira bwinobwino. Opanga aja sanachite kutulukira luso latsopano ayi. Anangowerenga zimene akatswiriwo analemba, n'kuwonjezera zithunzi za anthu otsinzina pa mulu wa zithunzi zophunzitsira.

Nkhani imeneyi yakhala ikubwerezedwa, kusintha kwake n'kwa chiwalo chokha. Panali nthawi imene tinkauzidwa kuti tiziyang'ana mano, kenako ndolo zosafanana, kenako manja a zala zisanu ndi chimodzi. Langizo lililonse linali loona pa nthawi yake, ndipo lililonse linatha ntchito. Chimene chofufuzira chimagwira si bodza lenilenilo. Bodza silioneka pa chithunzi. Chimagwira cholakwa chimene chopangira chasiya, ndipo cholakwa chikangotchulidwa dzina, chimasanduka ntchito yoti ikonzedwe mawa.

Mlonda amene amaphunzitsa wakuba

Kuti timvetse chifukwa chake zinthu zimayenda chonchi, tibwerere ku 2014, pamene Ian Goodfellow ndi anzake ku Montreal, ku Canada, anafotokoza njira yophunzitsira makompyuta imene imadziwika ndi dzina loti GAN. Amaika mapulogalamu awiri pamodzi. Yoyamba imapanga chithunzi. Yachiwiri imapatsidwa zithunzi zosakaniza, zenizeni ndi zopangidwa, n'kumanena kuti ichi n'chenicheni, ichi ayi. Eni akewo anayerekezera zimenezi ndi gulu lopanga ndalama zachinyengo limene likulimbana ndi apolisi. Koma apolisi a m'nkhaniyi ali ndi khalidwe lachilendo: akagwira ndalama yabodza, amauza woipangayo pamene walakwitsa. Pulogalamu yopanga ija imasintha pang'ono n'kuyesanso, ndipo zimatero kambirimbiri. Masamu a Goodfellow anasonyeza kumene mpikisanowo umathera ngati zonse zayenda bwino. Zithunzi zopangidwa zimafika pofanana ndi zenizeni, ndipo woweruza uja amangotsala n'kulota, mwayi wake wolondola n'kukhala theka, ngati woponya ndalama m'mwamba.

Tanthauzo lake n'lakuti chofufuzira si mdani wa chopangira kwenikweni. Ndi mphunzitsi wake. Mapulogalamu ambiri opanga zithunzi masiku ano sagwiritsanso ntchito njira ya GAN, komabe mfundoyo sinasinthe, ndipo munthu safunika kukhala katswiri kuti aigwiritse ntchito. Tiyerekeze kuti pali chofufuzira chabwino kwambiri pa intaneti, chimene chimagwira zithunzi zabodza 99 pa 100. Wachinyengo amapanga zithunzi 500, ntchito imene kompyuta imaigwira iye akumwa tiyi, n'kuzilowetsa chimodzichimodzi. Pafupifupi zisanu zidzadutsa. Iye akufuna chimodzi chokha. Chithunzi chimene chidzafike pa foni yanu si chimodzi mwa 495 zija zogwidwa, koma chimene chadutsa kale pa sefa. Nambala ya 99 pa 100 inayezedwa pa zithunzi zongotola, osati pa zosankhidwa ndi munthu amene ali ndi sefayo m'manja.

Ena amati mankhwala ake n'kubisa njira. Akatswiri ena ofufuza zithunzi amachitadi zimenezo, salengeza zonse zimene amayang'ana. Zimathandiza, koma zili ndi mtengo wake. Chofufuzira chobisidwa mu labotale chingathandize khoti kapena nyuzipepala pa mavidiyo ochepa, pamene pali nthawi yodikira. Sichingathandize anthu mamiliyoni amene alandira vidiyo usiku woti mawa kuli chisankho. Ndipo mukangochitsegulira aliyense, ngakhale mutabisa mmene chimagwirira ntchito, yankho lake loti "inde" kapena "ayi" n'lokwanira kuphunzitsa wachinyengo.

Palinso vuto la nthawi. Chofufuzira chimaphunzira pa zitsanzo za mabodza amene alipo kale, ndiye chimadziwa za dzulo. Izi zinaoneka poyera pa mpikisano waukulu umene kampani ya Facebook ndi anzake anakonza mu 2019, wa mphoto zokwana madola 1 miliyoni. Anapereka mavidiyo oposa 100,000, ojambulidwa ndi anthu amene analipidwa, kuti opikisana aphunzitsire mapulogalamu awo, ndipo analowa anthu oposa 2,000. Zotsatira zinatuluka mu Juni 2020. Pa mavidiyo a mtundu umene onse anauona, pulogalamu yabwino koposa inapeza pafupifupi 82 pa 100. Koma pa mavidiyo obisidwa, ena mwa iwo opangidwa m'njira zimene opikisanawo sanakumane nazo, ngakhale pulogalamu ya wopambana, Selim Seferbekov, inangopeza 65. Apa panalibe wachinyengo wochenjera amene ankalimbana ndi pulogalamuyo mwadala. Panali mavidiyo achilendo basi. Kunja kuno, vidiyo isanafike kwa wofufuza imakhala itatumizidwa kangapo pa WhatsApp, itafinyidwanso kuti ichepe, ndipo timadontho tosaoneka ndi maso timene chofufuzira chimadalira timafufutika m'njiramo.

Zolemba, pamene zizindikiro n'zochepa

Chithunzi chimodzi chili ndi timadontho mamiliyoni, choncho malo oti chopangira chilakwitse ndi ambiri. Ndime ya mawu 200 ilibe malo otero. Taonani chiganizo chakuti "Msonkhano uyamba 2 koloko masana." Kaya wachilemba mlembi wa komiti kaya makina, zilembo zake n'zomwezo, ndipo palibe chipangizo, lero kapena zaka zikubwerazi, chimene chingapeze kusiyana pamene palibe kusiyana. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Maryland anaika mfundo yomweyi m'masamu: kalembedwe ka makina kakamayandikira kalembedwe ka anthu, ngakhale chofufuzira chabwino koposa chimene munthu angachiganizire chimayandikira kungolota.

Nanga zofufuzira zolemba zimayang'ana chiyani? Zambiri zimayeza kudabwitsa kwa mawu. Pulogalamu yolemba imasankha liwu lililonse potengera mwayi woti ndilo lingatsatire mawu am'mbuyo, ndipo kawirikawiri imatenga loyembekezereka. Munthu amapatuka. Amaponyapo liwu lachilendo, amadula chiganizo pakati, kwina amachitalikitsa mopitirira. Chofufuzira chimadutsa liwu ndi liwu n'kumadzifunsa kuti, kodi ili ndikanalilota? Chikapeza kuti pafupifupi onse chikanawalota, chimati alemba ndi makina.

Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatulutsa chofufuzira chake pa 31 Januwale 2023. Anthu amenewa ankadziwa chopangiracho kuposa wina aliyense, komabe ananena okha kuti chofufuzira chawo chinkagwira 26 pa 100 ya zolemba za makina, ndipo chinkanamizira 9 pa 100 ya zolemba za anthu. Pa 20 Julayi chaka chomwecho anachichotsa, n'kunena kuti sichinkalondola mokwanira.

Manambala awiriwo ndi ofunika kuwagwiritsa ntchito kuti aoneke kulemera kwake. Tiyerekeze koleji imene yalandira zolemba za ophunzira 10,000 pa chaka, ndipo 500 mwa izo zinalembedwadi ndi makina. Chofufuzira chogwira 26 pa 100 chidzapeza 130 mwa 500 zija, zina 370 n'kudutsa. Pa zolemba 9,500 za ophunzira oona mtima, 9 pa 100 ndi 855. Ndiye pa tebulo la komiti yosungitsa mwambo padzafika mayina 985, ndipo 855 mwa iwo, pafupifupi 87 pa 100, adzakhala a anthu osalakwa. Wina anganene kuti chimenecho chinali chofufuzira chofooka, ndipo n'zoona. Tiyeni titenge chabwino, chogwira 80 pa 100 ndi kunamizira 1 yekha pa 100. Chidzagwira olakwa 400 ndi osalakwa 95. Ngakhale apa, pa anthu asanu alionse oitanidwa, pafupifupi mmodzi akuimbidwa mlandu umene sanapalamule, ndipo alibe njira yodziyeretsera, poti umboni womutsutsa ndi nambala chabe ya pa sikirini. Yunivesite ya Vanderbilt ku America inachita masamu ofanana mu Ogasiti 2023. Inali itatumiza zolemba 75,000 ku kampani yofufuza zolemba ya Turnitin chaka cha 2022, ndipo inaona kuti kulakwitsa kwa 1 pa 100 kukanatanthauza zolemba pafupifupi 750 zonamiziridwa. Inazimitsa chofufuzira cha kampaniyo.

Mwini chofufuzira ali ndi kachitsulo kamodzi kokha koti apotoze. Akakhwimitsa, amagwira olakwa ambiri pamodzi ndi osalakwa ambiri. Akafewetsa, onse amachepa. Sangapotoze mbali ziwiri nthawi imodzi.

Ndipo osalakwa aja sagwidwa mwachisawawa. Mu 2023 akatswiri a ku Stanford anatenga zolemba 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingelezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, n'kuzilowetsa mu zofufuzira zisanu ndi ziwiri. Kuphatikiza zonse, pafupifupi 61 pa 100 zinaweruzidwa kuti n'za makina. Zolemba za ana a sukulu a ku America zinadutsa pafupifupi zonse. Munthu amene anaphunzira Chingelezi m'kalasi amalemba mosamala, amagwiritsa mawu amene ali nawo chikhulupiriro ndi ziganizo zimene aphunzitsi anamuvomereza, ndipo kalembedwe kotero n'kosavuta kulota. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amene akulemba Chingelezi pa yunivesite ya ku Britain ali m'gulu limeneli. Akatswiri aja anapezanso chinthu choseketsa koma chomvetsa chisoni: atauza makina kuti akongoletse zolemba za anthuzo ndi mawu apamwamba, zofufuzira zinayamba kuzivomereza kuti n'za anthu.

Kumeneku ndiko kuzemba kosavuta kwambiri, kulembanso nkhani m'mawu ena. Chaka chomwecho gulu lina la akatswiri linapanga pulogalamu yotchedwa DIPPER, ntchito yake kusintha mawu ndi dongosolo la ziganizo tanthauzo osalikhudza. Chofufuzira chotchedwa DetectGPT chinkagwira 70.3 pa 100, atachikonza kuti chizinamizira 1 yekha pa 100. Zolembazo zitadutsa mu DIPPER, chinagwira 4.6 pa 100. Bwererani ku koleji ija ndi nambala imeneyi: olakwa 23, osalakwa 95. Amene watsala m'manja mwa komiti ndi waulesi amene anangokopera osasintha kanthu, ndi mwana wakhama amene amalemba Chingelezi cha m'buku.

Chidindo chobisika

Poona zonsezi, akatswiri ena anasintha funso. M'malo mofufuza zolakwa zimene chopangira chasiya mwangozi, bwanji osachiuza kuti chizisiya chizindikiro mwadala? Njira imene John Kirchenbauer ndi anzake a ku Maryland anafotokoza mu Januwale 2023 ndi yosavuta kuitsatira. Pulogalamu isanasankhe liwu lotsatira, imatenga liwu limene yangolemba kumene, n'kuligwiritsa ntchito pamodzi ndi kiyi yachinsinsi kugawa mawu onse a chiyankhulo m'magulu awiri, obiriwira ndi ofiira. Kenako imakondera pang'ono obiriwira. Pa liwu linalo imagawanso mwatsopano, moti liwu limene linali lobiriwira apa likhoza kukhala lofiira pa mzere wotsatira. Wowerenga saona chilichonse chachilendo.

Amene ali ndi kiyi amangowerenga. Tinene kuti magulu aja ndi ofanana kukula ndipo nkhani ili ndi mawu 200. Munthu wolemba yekha sadziwa za maguluwo, choncho mawu ake obiriwira adzakhala cha m'ma 100, kupitirira kapena kupelewera ndi 7 kapena 10. Kuti afike pa 128 mwangozi, mwayi wake ndi pafupifupi 5 pa 100,000. Makina okondera aja akhoza kufika pa 150. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo ubwino wake ndi wakuti mwayi wonamizira munthu umadziwika ndi masamu, sudalira kuti munthuyo Chingelezi anachiphunzira kuti. Google ili ndi njira yake yotchedwa SynthID, imene inayamba ndi zithunzi mu 2023, ndipo ya zolemba inafotokozedwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu Okutobala 2024.

Njirayi ndi yanzeru, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yabwino kuposa zofufuzira zongolota. Koma taonani kuti si kufufuzanso kwenikweni. Ndi mgwirizano ndi wopanga, ndipo imagwira ntchito pokhapokha wopangayo atavomera. Komanso imasukuluka. Poti mtundu wa liwu umadalira liwu lam'mbuyo, kusintha liwu limodzi kumasokoneza malo awiri. Munthu akalembanso nkhani ija mpaka malo atatu mwa anayi alionse asokonezeka, pamatsala malo 50 a chidindo, opereka obiriwira 37 kapena 38, ndi malo 150 ongogwera mwamwayi, opereka 75. Zonse pamodzi ndi cha m'ma 112, pansi pa malire aja a 128. Nkhani ikakhala yaitali, chotsalira cha chidindocho chikhoza kuonekabe, chifukwa kukondera kochepa kumaunjikana. Koma uthenga wachinyengo wa pa foni sukhala wa masamba atatu. Ndipo pamene yankho ndi limodzi lokha, monga dzina la likulu la dziko, palibe malo okonderamo.

Choopsa kwambiri n'chakuti mapulogalamu ambiri opanga ndi aulere, aliyense akhoza kuwaika pa kompyuta yake. Stable Diffusion itatulutsidwa mu Ogasiti 2022, inali ndi kachidindo kobisika pa zithunzi zake, koma kankaikidwa ndi mzere wa malangizo umene aliyense wodziwa akanatha kuufufuta. Chotero chidindo chikapezeka chimatiuza zambiri, koma chikasowa sichitiuza kanthu.

Pamene chenicheni chikukayikiridwa

Mu Okutobala 2018, mtsogoleri wa dziko la Gabon, Ali Bongo, anadwala sitiroko ali ku Saudi Arabia, ndipo kwa milungu yambiri sanaoneke pagulu. Mphekesera zinafala kuti wamwalira. Kumapeto kwa chaka boma linatulutsa vidiyo ya uthenga wake wa chaka chatsopano. Nkhope inali youma, maso akuoneka mwachilendo, ndipo otsutsa ena ananena kuti vidiyoyo ndi yopangidwa ndi kompyuta. Pa 7 Januwale 2019 kagulu ka asilikali kanalanda wailesi ya boma ku Libreville, n'kunena kuti uthenga uja unawonjezera kukayika ngati mtsogoleriyo angathe kulamulira. Anagonjetsedwa tsiku lomwelo. Akatswiri amene anaunika vidiyoyo sanapeze umboni woti inali yabodza, ndipo sitiroko payokha imatha kuumitsa nkhope ya munthu.

Apa chofufuzira chinalibe chopereka. Chimene chinganene n'chakuti sichinapeze chizindikiro, ndipo aliyense amene wawerenga mpaka pano akudziwa kuti kusapezeka kwa chizindikiro si umboni. Akatswiri a malamulo awiri, Bobby Chesney ndi Danielle Citron, anachenjeza za phindu limene wabodza amapeza pamenepa: anthu akadziwa kuti vidiyo ikhoza kupangidwa, wogwidwa pa vidiyo yeniyeni amangoti ndi yopanga. Tikamaphunzitsa anthu kukayikira, timamukulitsiranso munda wotereyu. Vuto limeneli silingathe ndi chofufuzira champhamvu, chifukwa funso lake si lakuti "kodi ichi n'chabodza" koma "ndani angatsimikize kuti n'chenicheni".

N'chifukwa chake mu Febuluwale 2021 makampani a Adobe, Arm, Intel, Microsoft ndi Truepic pamodzi ndi BBC anakhazikitsa bungwe la C2PA, lokonza njira yoti chithunzi chiziyenda ndi mbiri yake. Kamera imasainira chithunzi pa nthawi yojambula pogwiritsa kiyi yobisika mkati mwake, ndipo pulogalamu iliyonse yochikonza imawonjezera mzere wonena zimene yasintha n'kusainanso. Wina akasintha chithunzicho mobisa, siginecha imakana. Leica M11-P ya mu 2023 inali kamera yoyamba kugulitsidwa ili ndi zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti chopangira, ngakhale chitafika pojambula bwino chotani, sichingapeke siginecha popanda kiyi. Apa mpikisano wa maso uja palibe. Malire ake aliponso. Mbiri ija imatayika munthu akajambula sikirini kapena akatumiza chithunzi kudzera pa mapulogalamu amene amachotsa zonse zomatidwa pa chithunzi. Munthu akhozanso kuloza kamera yoona pa sikirini yoonetsa chithunzi chabodza, kamera n'kusaina mokhulupirika. Ndipo mboni zambiri za zinthu zoopsa zimajambula ndi foni yotchipa yopanda zonsezi. Tikadzayamba kukhulupirira zosainidwa zokha, iwowa ndiwo adzayambe kukanidwa.

Hong Kong ndi funso la buku

Kumayambiriro kwa 2024, wogwira ntchito mu ofesi ya zachuma ya kampani ya Arup ku Hong Kong analandira uthenga wooneka ngati wochokera kwa mkulu wa zachuma wa ku Britain, wonena za ndalama zofunika kutumizidwa mwachinsinsi. Poyamba anakayikira, ndipo anachita bwino. Kenako anaitanidwa ku msonkhano wa pa vidiyo, kumene anaona mkuluyo ndi anzake ena a ntchito amene ankawadziwa nkhope ndi mawu. Kukayika kunatha. Anatumiza madola a ku Hong Kong 200 miliyoni, pafupifupi madola a ku America 25 miliyoni, m'maulendo 15 ku maakaunti asanu. Apolisi ananena kuti pa msonkhanowo munthu weniweni anali iye yekha. Chinyengocho chinadziwika atafunsa ku likulu, ndalama zitapita kale.

Tinene kuti pa kompyuta yake panali chofufuzira. Achinyengowo anali ndi nthawi yonse yoyesa mavidiyo awo pa zofufuzira zogulitsidwa pamsika asanaimbe. Vidiyo ya msonkhano imakhala yofinyidwa ndiponso yodukaduka, kumene n'komwe zofufuzira zimafooka. Ndipo chikanakhala chokhwima kwambiri, bwenzi chikulira pa misonkhano yeniyeni sabata iliyonse mpaka anthu atazolowera kuchinyalanyaza. Chimene chikanapulumutsa ndalamazo n'chakale kuposa makompyuta: lamulo lakuti ndalama zambiri sizituluka popanda munthu wachiwiri kuvomereza, ndiponso popanda kuimbira wolamulayo pa nambala yodziwika kale, osati imene yabwera ndi uthengawo. Ambiri a ife tinaphunzira kale zimenezi pa mauthenga aja a pa foni oti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Sitiunika kalembedwe ka uthengawo. Timaimbira mwini wake pa nambala imene tili nayo.

Mu Julayi chaka chomwecho zofananazo zinayesedwa pa kampani ya magalimoto ya Ferrari ku Italy. Bwana wina analandira mauthenga a pa WhatsApp kenako foni, mawu ake ofanana kwambiri ndi a mkulu wa kampaniyo, Benedetto Vigna, mpaka kalankhulidwe ka kummwera kwa Italy. Nkhani yake inalinso ya malonda achinsinsi. Bwanayo anamva kenakake kosakhala bwino m'mawuwo, koma sanadalire khutu lake. Anafunsa woimbayo dzina la buku limene Vigna anamulimbikitsa kuwerenga masiku ochepa m'mbuyomo. Foni inadulidwa pomwepo.

Khutu la bwanayo linagwira ntchito imene chofufuzira chingagwiredi, yodzutsa kukayika, ndipo ntchito imeneyo si yaing'ono. Makampani a intaneti amachotsa nazo zinyalala zambiri zopangidwa mwaulesi, ndipo wachinyengo amakakamizika kuwononga nthawi ndi ndalama kuti azizembe. Koma chimene chinathetsa nkhaniyo chinali funso, ndipo funsolo linagwira chifukwa yankho lake silinali m'mavidiyo ndi m'zoyankhula za Vigna zimene zili poyera, kumene pulogalamu inaphunzirako mawu ake. Likanakhala m'makalata a kampani amene achinyengo anaba kale, woimbayo akanayankha bwinobwino. N'chifukwa chake maofesi amene amasamala za zimenezi sadalira funso longobwera m'mutu. Amagwirizana pasadakhale, maso ndi maso, za mawu achinsinsi amene salembedwa mu imelo, amaika malire a ndalama zimene munthu mmodzi angatulutse yekha, ndipo amauza wantchito wamng'ono momveka kuti sadzadzudzulidwa akachedwetsa malipiro ndi ola limodzi pofuna kutsimikiza, ngakhale amene akumufulumizitsa pa sikirini atakhala ndi nkhope ya bwana wamkulu.